Momwe mungasandutsire maganyu anu kukhala siivii yodutsa pa sefa ya olemba ntchito

Funso ili limandipeza kawirikawiri, makamaka kuchokera kwa anthu amene atha zaka zingapo akudya za maganyu ndi timakontirakiti tatifupi: "Ntchito ndagwira zambiri, koma ndikatumiza siivii sandiitana. Ndilembe bwanji?" Ndikaiona siiviiyo, vuto limakhala limodzi mwa awiri. Ena amalemba mzere umodzi wokha wonena kuti akhala akudzilemba okha ntchito kuyambira chaka chakutichakuti, basi, ngati kuti zaka zonsezo ankangokhala pakhonde. Ena amakhuthula zonse: kafukufuku wa masabata atatu, kujambula zithunzi pa ukwati, kugulitsa kaunjika, kutayipa mayeso a sukulu, chilichonse pa mzere wakewake mpaka masamba asanu. Onse awiriwa amagwa pa malo amodzi, ndipo si chifukwa chakuti alibe luso. Ndalemba yankho lonse pano kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera.

Muyambe mwadziwa chimene chimachitikira siivii yanu ikafika. Kuno kwathu malo ambiri amasefa ndi anthu. Ogwira ntchito awiri kapena atatu amakhala ndi mulu wa makalata ndi pepala la mizere, pomwe alemba zofunika zimene zinali mu chilengezo cha ntchito: pepala la sukulu, zaka zimene munthu wagwira ntchito yofanana nayo, mapulogalamu a pakompyuta amene amawadziwa. Siivii iliyonse amaiyang'ana mofulumira, nkuchonga kapena kudula. Mabungwe akuluakulu ndi makampani akunja amayamba ndi pulogalamu yolandira makalata pa intaneti, imene imatchedwa ATS, monga Workday, Taleo kapena SuccessFactors. Pulogalamuyi imawerenga fayilo yanu nkuigawa m'timabokosi: dzina la kolemba ntchito, udindo, mwezi woyamba, mwezi womaliza, maphunziro. Kenako munthu amafufuza m'timabokosimo ndi mawu amene akuwafuna. Kaya ndi munthu kaya ndi makina, onse akufuna zinthu zitatu: udindo wofanana ndi umene alengeza, nthawi yowerengeka, ndi mawu a m'chilengezo chawo. Siivii ya munthu wolembedwa ntchito imakhala nazo kale zitatuzi, chifukwa abwana ake ndi amene anamupatsa udindo ndi madeti. Inu mulibe amene anakupatsani, ndiye muyenera kuzimanga nokha, mopanda kunama.

Kuti tisalankhule za m'mlengalenga, tiyerekeze mayi wina wa ku Lilongwe amene ali ndi dipuloma. Kuyambira 2021 wakhala akuyenda m'midzi ndi tabuleti kufunsa mafunso a kafukufuku, watayipa zolembedwa za sukulu ina yoyima payokha, wamasulira zokambirana za m'magulu kuchoka m'Chichewa kupita m'Chingelezi, wasunga mabuku a ndalama a shopu ya hadiweya ya achimwene ake, ndipo nthawi yopanda ganyu amagulitsa kaunjika. Tsopano waona chilengezo cha bungwe lofuna Monitoring and Evaluation Assistant, wothandiza pa kafukufuku woona mmene ntchito za bungwe zikuyendera. Manambala onse a mayiyu ndi ongoyerekeza, koma njira yake ndi yomweyo imene inu mutsate.

1. Lembani kaundula wa ntchito zonse, musanaganize za siivii

Tengani kope kapena tsegulani Excel. Ganyu aliyense akhale ndi mzere wake: anakulembani ndani, ntchitoyo inali ya bungwe liti, mwezi woyamba ndi womaliza, boma kapena dera, zimene munkachita ndi manja anu tsiku ndi tsiku, chida kapena pulogalamu imene munagwiritsa ntchito, kuchuluka kwa ntchitoyo, ndi munthu amene ankakuyang'anirani. Kaundulayu satumizidwa kulikonse, ndi wanu, ndiye musasiye kanthu.

Madeti musawatenge m'mutu, mutu umafupikitsa zina nkutalikitsa zina. Afufuzeni m'makontirakiti, m'maimelo, m'magulu a WhatsApp amene ankatsegulidwa pa ganyu aliyense, ndi m'mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a tsiku limene munalipidwa. Ngati amene anakulipirani anadula msonkho wa MRA asanakupatseni ndalama, satifiketi ya msonkho wodulidwawo ndi umboni wabwino kwambiri, chifukwa imasonyeza amene analipira ndi nthawi yake. Ngati simunaitenge, kaipempheni.

2. Sankhani chilengezo chimodzi ndipo muchisende

Siivii imodzi yotumiza kulikonse siimuthandiza munthu wa maganyu, chifukwa ntchito zake ndi zosiyanasiyana ndipo wosefa alibe nthawi yosankha yekha zomuyenera. Tengani chilengezo chimodzi, kaya cha mu The Nation, The Daily Times kapena pa intaneti, nkudula mzere pansi pa mawu a mitundu itatu: dzina la udindo, zofunika zimene popanda izo sakuganizirani, ndi ntchito zimene munthuyo azidzagwira. Zofunika zosakambirana nthawi zambiri zimabwera ndi mawu monga "must", "required", "at least" kapena "minimum". Zimene zalembedwa kuti "added advantage" kapena "desirable" ndi zongowonjezera mwayi, kuzisowa sikukuchotsani.

Tinene kuti chilengezo cha mayi wathu chikufuna dipuloma, zaka zosachepera 2 pa ntchito yotolera ndi kusamala deta, kudziwa mapulogalamu otolera mayankho pa tabuleti a KoboToolbox kapena ODK, kudziwa Excel, ndipo pa ntchito zake palembedwa "data cleaning", "supervising enumerators" ndi "report writing". Mawu amenewa awakopere monga momwe alili, kumanzere kwa pepala, aliwonse pa mzere wake. Kumanja kwatsala kopanda kanthu, tibwerako pa gawo 5.

3. Werengani miyezi yanu moona

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha, koma ndi pamene anthu a maganyu amathera. Chilengezo chikati zaka 2, wosefa amayang'ana madeti nkuwerenga. Munthu wolembedwa ntchito kuyambira Januwale 2021 mpaka Disembala 2022 ali ndi zaka 2, palibe chokambirana. Nanga inu amene munagwira miyezi 3, nkukhala miyezi 3, nkugwira 2, nthawi zina maganyu awiri pakamodzi, muli ndi zaka zingati?

M'kaundula wa mayi wathu, maganyu okhudza deta ndi awa. Malichi mpaka Meyi 2021 anafunsa mafunso ku Dedza, miyezi 3. Seputembala ndi Okutobala 2021 anali ku Ntcheu, miyezi 2. Febuluwale mpaka Julayi 2022 analowetsa m'kompyuta zolembedwa za ana a sukulu, miyezi 6, ndipo mkati mwa nthawi yomweyo, Meyi ndi Juni, madzulo ankamasulira ndi kutayipa zokambirana za m'magulu, miyezi 2. Okutobala mpaka Disembala 2022 anali ku Salima, miyezi 3. Malichi mpaka Juni 2023 anatsogolera gulu la ofunsa mafunso ku Mangochi, miyezi 4. Ogasiti 2023 mpaka Januwale 2024 anakonza deta ya mkulu wina wochita kafukufuku payekha, miyezi 6. Epulo mpaka Juni 2024 anayang'aniranso gulu ku Machinga, miyezi 3.

Pali mayankho atatu amene angatuluke apa, ndipo limodzi lokha ndi loona. Mukawerenga pa kalendala kuchoka Malichi 2021 kufika Juni 2024 mupeza miyezi 40, zaka 3 ndi miyezi 4. Nambala imeneyi ndi yokoma kuiona koma yaphatikiza miyezi imene mayiyu anali pa msika ndi kaunjika. Mukaphatikiza maganyu onse 8 mmene alili mupeza miyezi 29, koma mwawerenga Meyi ndi Juni 2022 kawiri. Njira yoyenera ndi kujambula miyezi yonse pa mzere, nkuchonga mwezi uliwonse umene munagwira ntchito ya mtundu umene chilengezo chikufuna, kamodzi kokha ngakhale munali ndi maganyu awiri. Mayiyu apeza miyezi 27, kutanthauza zaka 2 ndi miyezi 3.

Nambala imeneyi ikumuuza zinthu ziwiri. Pa chilengezo chofuna zaka 2 wakwanitsa, ndipo ayenera kunena zimenezi poyera pamwamba pa siivii, osadikira kuti wosefa awerenge yekha. Pa chilengezo chofuna zaka 3 sanakwanitse, ngakhale kalendala ikuoneka ngati ikumuvomera. Akhoza kuyesabe ngati zina zonse ali nazo, koma pa fomu yofunsa kuti muli ndi zaka zingati asalembe 3. Ine ndimaumirira pamenepa chifukwa funso loyamba la pa intavyu kwa munthu wa maganyu limakhala lakuti atifotokozere ntchito zakezo imodzi ndi imodzi, ndi kutalika kwake. Amene anakoka nambala amayamba kudodoma pomwepo, ndipo gulu lofunsa likaona kudodoma pa madeti limakayikanso zina zonse, ngakhale zoona.

Ganyu wa masabata osakwana mwezi muwerengereni m'masabata, ndipo masabata 4 akhale mwezi umodzi. Ganyu amene munkagwira tsiku limodzi pa sabata kwa chaka chonse, monga kusunga mabuku a shopu Loweruka lokha, musamuwerenge ngati chaka chathunthu cha ntchito. Lembani madeti ake enieni koma muonjezere kuti inali ntchito ya tsiku limodzi pa sabata. Ndipo kumbukirani kuti kuwerengaku kumasintha ndi chilengezo: ntchito ikakhala yosunga mabuku a ndalama, miyezi 27 ija siikuwerengedwanso, muyamba kuchonga mwatsopano.

4. Ikani maganyu ofanana pansi pa denga limodzi

Maganyu 8 olembedwa ngati ntchito 8 zosiyana amaoneka ngati munthu amene sakhalitsa pa ntchito, wokhala ndi mipata paliponse. Pulogalamu ija nayonso imawaika m'timabokosi 8 ta miyezi iwiri itatu. Choncho amangeni kukhala ntchito imodzi yokhala ndi udindo umodzi, dzina limodzi la kolemba ntchito, ndi madeti amodzi, maganyuwo nkubwera pansi pake. Mutu wa mayi wathu ukhoza kuoneka chonchi:

```
Freelance Data Collector and Field Supervisor
Self-employed, Lilongwe
Mar 2021 - Jun 2024
8 assignments, 27 months of data collection, entry and cleaning
```

Mzere wachitatu ukupereka madeti osaduka, amene makina ndi munthu angawerenge mosavuta. Mzere wachinayi ukunena zoona za miyezi yeniyeni, ndiye palibe amene anganene kuti mwabisa mipata. Mizere iwiriyi iyendere limodzi, wachitatu popanda wachinayi ndi kukoka nambala kuja.

Pa udindo pali zolakwika ziwiri zofala. Choyamba ndi kudzitcha Managing Director kapena CEO chifukwa munalembetsa kabizinesi. Mwalamulo mwina ndinu amenewo, koma wosefa akufuna wothandiza pa kafukufuku, ndipo akaona udindo waukulu chotero amaganiza kuti mwina simungalole kutumidwa, kapena kuti mtima wanu udzakhala ku bizinesi yanu. Akafufuza mu pulogalamu ndi mawu akuti "data collector", simutulukanso. Chachiwiri ndi kungokopera udindo wa m'chilengezo, kudzitcha Monitoring and Evaluation Assistant pamene palibe anakulembanipo pa udindo umenewo. Udindo woyenera ndi umene ukunena ntchito imene munkagwiradi, m'mawu oyandikira kwambiri a m'chilengezo, ndipo munthu amene ankakuyang'anirani atawuona angavomereze kuti inde, ndi zimene ankachita.

Pa dzina la kolemba ntchito lembani "Self-employed", kapena dzina la bizinesi yanu ngati munailembetsa ndipo makasitomala ankalipira m'dzina limenelo. Chimene musachite ndi kuika dzina la bungwe lalikulu ngati kuti linakulembani ntchito. Kafukufuku wambiri amayenda chonchi: bungwe lalikulu limapereka ntchito ku kampani yochita kafukufuku, kampaniyo ndi imene imalemba ofunsa mafunso. Inu munavala chikwangwani chokhala ndi chizindikiro cha bungwelo, koma ku ofesi yawo yoona za ogwira ntchito dzina lanu kulibe. Olemba ntchito atsopano akaimba foni kumeneko adzauzidwa kuti munthu ameneyo sitikumudziwa, ndipo simudzapatsidwa mpata wofotokoza. Lembani kuti munalembedwa ndi kampani yakuti pa kafukufuku wa bungwe lakuti. Ngati munasayina pangano losunga chinsinsi, musatchule dzina, ingofotokozani mtundu wa kasitomalayo, monga bungwe loona za ulimi kapena sukulu ya sekondale yoyima payokha.

5. Dzazani kumanja kwa pepala lija

Bwererani ku mawu amene munakopera pa gawo 2. Pa mawu aliwonse dzifunseni: ndi pa ganyu uti pamene ndinachita chinthu chimenechi, ngakhale sitinkachitcha dzina limeneli? Vuto la anthu ambiri ndi lakuti amakumbukira ntchito yawo m'mawu amene ankalankhula ku fildi, osati m'mawu a mu ofesi, ndiye amaganiza kuti zimene chilengezo chikufuna sanazichitepo.

Mayi wathu mutamufunsa za ku Mangochi angakuuzeni kuti madzulo alionse ankatenga matabuleti a anzake, nkuona ngati mafomu onse atumizidwa, nkubweza amene anali ndi mayankho osagwirizana, monga khomo lolembedwa kuti lili ndi anthu 4 koma mayina ndi 6. Zimenezi mu chilengezo zimatchedwa "data quality checks". Ankagawira anzake midzi m'mawa ndi kukaonana ndi amfumu gulu lisanalowe, kumeneko ndiko "supervising enumerators", ndipo gawo la amfumulo ena amalitcha "community entry". Lachisanu lililonse ankatumiza kwa abwana tsamba limodzi lonena makomo amene afikiridwa, amene akana, ndi mavuto a mayendedwe. Iye sankaliwerengera ngati lipoti, koma ndi lipoti la sabata la ku fildi, ndipo likuyankha mawu aja akuti "report writing". Pa ganyu wa mkulu wochita kafukufuku payekha uja ankachotsa mizere yobwereza mu Excel, kukonza mayina a midzi olembedwa mosiyanasiyana kuti afanane, ndi kulemba mndandanda wa mabokosi opanda mayankho. Ndiyo "data cleaning".

Mzere uliwonse wa pa siivii ukhale ndi zinthu zinayi: chimene munachita, chida, kuchuluka, ndi malo kapena mwini ntchito. Mwachitsanzo:

```
- Supervised 6 enumerators on a 480-household survey in Mangochi; ran daily data quality checks in KoboToolbox
- Data cleaning in Excel: removed duplicates and standardised village names in 3 survey datasets
```

Yerekezani ndi zimene ambiri amalemba, zakuti anagwira nawo kafukufuku m'maboma osiyanasiyana. Mzere wotero suuza wosefa ngati munali mtsogoleri kapena wonyamula chikwama, ndipo mulibe mawu alionse amene angachongere.

Manambala akhale amene mungawaikire kumbuyo. Ngati simukukumbukira makomo enieni, werengani kuchokera pa zimene mukudziwa: munkafunsa makomo 5 pa tsiku kwa masiku 20 ogwira ntchito, ndiye ndi pafupifupi 100, ndipo lembani kuti pafupifupi. Musalembe zotsatira zimene simunaziyeze, monga kunena kuti munachepetsa zolakwika ndi theka, pamene palibe anawerenga zolakwikazo. Kuchuluka kwa ntchito kumakwanira.

Pa mapulogalamu, lembani dzina lake lenileni monga limalembedwera. Ngati munagwiritsa ntchito KoboCollect pa tabuleti, nenani KoboToolbox ndi KoboCollect. Ngati chilengezo chikufuna ODK koma inu munagwiritsa ntchito Kobo kapena SurveyCTO, musalembe kuti munagwiritsa ntchito ODK. Tchulani imene mukuidziwa, nkuonjezera kuti ndi yomangidwa pa ODK, chifukwa ndi zoona ndipo mawuwo aoneka. Kusiyana kwina kofunika: kudzaza fomu pa tabuleti si kupanga fomu. Chilengezo chikafuna munthu wodziwa kupanga mafomu a XLSForm, ndipo inu munkangodzaza, mzere umenewo kumanja ukhale wopanda kanthu. Mpata wotero ndi wothandiza, ukukuuzani chimene muphunzire mwezi uno.

Mukamaliza, onani mizere ya zofunika zosakambirana ija. Ngati iwiri kapena itatu ili yopanda kanthu, chilengezocho si chanu, sungani ndalama ya bandulo. Ngati yadzaza, tengani mawu omwewo mulembe ziganizo ziwiri kapena zitatu pamwamba pa siivii, pansi pa dzina lanu: udindo, dipuloma, miyezi 27, mapulogalamu, zilankhulo. Wosefa wotopa amene wawerenga makalata ambirimbiri apeze zochonga zake zonse asanafike pakati pa tsamba loyamba. Ndipo zilankhulo musazipeputse. Pa ntchito ya ku Mangochi kapena Machinga, kudziwa Chiyao ndi chinthu cholemba poonekera, monganso Chitumbuka pa ntchito ya ku Mzimba kapena Rumphi.

Pali ena amalangiza kubisa mawu a m'chilengezo pansi pa tsamba ndi zilembo zoyera kuti makina awaone. Pulogalamu ikawerenga fayilo imatulutsa mawu onse poyera, mtundu wa zilembo ulibe ntchito, ndiye wosefa amaona chinyengocho. Musachite.

6. Maganyu otsala

Mabuku a shopu ya hadiweya apite pansi, pa mutu wina waufupi wa ntchito zina, mzere umodzi kapena iwiri. Kaunjika akhoza kusalembedwa konse pa chilengezo ichi. Si kuti ndi ntchito yochititsa manyazi, koma siikuyankha funso lililonse la pa pepala la wosefa. Mawa mayiyu akaona chilengezo cha wothandiza ku ofesi ya ndalama kapena wogulitsa katundu, zinthu zitembenuka: mabuku a shopu ndi kaunjika akwera pamwamba ndi mizere yawo ya kuwerenga katundu ndi kusunga malisiti, kafukufuku nkutsika kukhala mzere umodzi. Kaundula uja ndiye nkhokwe, siivii iliyonse mumangotapamo zoyenera tsikulo. Masamba awiri amakwana.

7. Yesani fayilo ngati makina angaiwerenge

Anthu ambiri amasindikiza siivii, nkusayina, nkuijambula ndi foni kapena kukaisikana ku shopu yotayipa, kenako nkutumiza PDF imeneyo. Fayilo yotero nthawi zambiri imakhala chithunzi, mulibe mawu amene pulogalamu ingawerenge, ndiye ntchito yonse ya pa gawo 5 yapita pachabe. Sungani siivii kuchokera mu Word momwemo, ngati .docx kapena PDF, malinga ndi zimene chilengezo chanena. Masatifiketi ndiwo osikana, siivii ayi.

Kuyesa kwake nkosavuta. Tsegulani fayilo, dinani Ctrl+A kenako Ctrl+C, tsegulani Notepad nkudina Ctrl+V. Ngati sipanatuluke kanthu, ndi chithunzi. Ngati mawu atuluka osokonezeka, madeti atapita kwina udindo kwina, vuto ndi matebulo, mizati iwiri kapena timabokosi ta mawu, zimene zimadzaza m'masiivii okongola a pa Canva. Bwererani ku tsamba wamba la mzati umodzi. Nambala ya foni ndi imelo zikhale m'thupi la tsamba, osati m'kachigawo ka Header, chifukwa mapulogalamu ena sawerengamo. Mitu ikhale yodziwika, monga "Work Experience", "Education" ndi "Skills". Madeti onse alembedwe mofanana, mwezi ndi chaka.

8. Fomu ya pa intaneti ndi mboni

Mukakweza siivii, mapulogalamu ambiri amadzaza okha timabokosi ta fomu. Musadine Submit musanawerenge bokosi lililonse, chifukwa pa siivii ya munthu wa maganyu makina amakonda kutenga dzina la kasitomala nkuliika ngati kolemba ntchito, kapena kuswa ntchito yanu imodzi ija kukhala zidutswa. Konzani pamanja kuti ifanane ndi mutu wa pa gawo 4. Mafunso a inde kapena ayi, monga akuti muli ndi zaka zosachepera 2 pa ntchito yotere, ndi amene angakuchotseni munthu asanaone siivii yanu. Mayi wathu ayankha inde ndi mtima wokhazikika chifukwa anawerenga. Pa bokosi lofunsa chifukwa chosiyira ntchito, "End of contract" ndi yankho loona komanso lokwanira.

Zilengezo zambiri za kuno zimafuna "three traceable referees", kutanthauza mboni zitatu zimene akaziimbira kapena kuzilembera zipezekadi, ndipo zikhale zoti zinaona ntchito yanu. Kwa munthu wa maganyu, mboni yabwino ndi amene ankakuyang'anirani ku fildi kapena kasitomala amene analandira ntchito yanu, osati mkulu wa bungwe amene simunaonanepo naye, osatinso wachibale. Achimwene ake a mayi wathu, ngakhale ndi eni shopu, asawaike. Anthu a m'makampani a kafukufuku amasamukasamuka, choncho muwaimbire kaye, mutsimikize nambala ndi imelo imene akugwiritsa ntchito pano, nkuwatumizira siivii imene mwatumizayo. Munthu amene wayang'anirapo magulu ambirimbiri sangakumbukire kuti inu munali ku Mangochi 2023 kapena 2022, ndipo akaona udindo ndi madeti amene mwalemba adzanena zofanana ndi zanu, kapena kukukonzani nthawi isanathe.

Kuyambira ganyu wotsatira, pa tsiku lolandira malipiro omaliza pemphani kalata yaifupi pa pepala la kampani, yonena udindo wanu, madeti, ndi ntchito imene munagwira. Tsiku limenelo amene angasayine alipo ndipo akukudziwani. Ikafika, ijambuleni, muisunge mu imelo yanu, ndipo muonjezere mzere watsopano m'kaundula uja pamodzi ndi miyezi yake.